Mizere ya pa sikirini ndaimva, koma chithunzi changa cha ku Mulanje chakanika pati?

Tiyamike: Mwaswera bwanji nonse. Ndine watsopano pa zojambulazi, ndipo ndimangogwiritsa ntchito foni. Loweruka lapitali tinapita ku Mulanje ndi achemwali anga kudzera msewu wa ku Thyolo, ndipo titayandikira pa Boma tinaima m'mbali mwa munda wa tiyi. Ndi maso malowo anali okongola kwabasi: tiyi wobiriwira, kanjira ka dothi lofiira kodutsa m'mundamo, phiri litaima kumbuyo. Koma taonani chithunzi ndaika apachi. Phiri lachepa, achemwali aima pakati penipeni ngati chithunzi cha pa chitupa, ndipo sindikumva chilichonse mwa zomwe ndinamva ndili pamalopo. Mnzanga wa ku ntchito akuti ndiphunzire lamulo la magawo atatu ndi za mizere yolondolera maso. Mwezi wa mawa tikupitanso. Ndiyambire pati?

Limbani: Achemwali, vuto ndi foniyo. Pezani ya makamera atatu kumbuyo, magawo atatu akunenedwawo amatheka ndi imeneyo. Ndikhoza kukuthandizani kusankha.

Yamikani: Ayi achimwene, magawo atatu si makamera atatu. A Tiyamike, tsegulani kamera, lowani mu Settings, muyatse Grid. Pa Samsung analemba Grid lines. Pa iPhone simulowera mu kamera, mumapita ku Settings ya foni yonse, kenako Camera, kenako Grid. Pabwera mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yogona, sikirini igawika tizigawo 9. Pomwe mizere yadutsana pali mphambano zinayi. Munthu muzimuika pa mphambano imodzi mwa zimenezo. Pakati ayi, musadzaikenso chinthu pakati, ndiye lamulo lonselo.

Limbani: Oho, ndinamva molakwika. Komabe foni yabwino imathandiza.

A Chisale: Imathandiza pa kuwala kochepa, a Limbani, koma chithunzi ichi chinajambulidwa masana ndipo chikuoneka bwinobwino. Foni ilibe mlandu. Ine ndakhala ndikujambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Limbe kwa zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndichiyang'ane modekha.

Achemwali, ndisanakambe za mizere, ndiyankheni funso limodzi. Mmene munkadina batani, munkafuna munthu woona chithunzichi ayambe waona chiyani? Achemwali anuwo, phiri, kapena tiyi?

Tiyamike: Kunena zoona bambo, ndinkafuna zonse.

A Chisale: Apo ndi pomwe chinakanikira. Taonani pomwe tiyi wathera n'kuyamba tsinde la phiri. Malire amenewo adutsa pakati penipeni, chithunzi chagawika pawiri mofanana, theka tiyi, theka phiri ndi thambo. Kenako achemwali anu achigawanso pawiri kuchokera pamwamba kufika pansi. Diso likusowa kolowera chifukwa palibe mbali yomwe mwaipatsa ulemu kuposa inzake.

Mizere yogona iwiri ija ntchito yake ndi kukukakamizani kusankha. Mukaika malire a tiyi pa mzere wa m'munsi, phiri ndi thambo zitenga magawo awiri, tiyi gawo limodzi, ndipo chithunzicho chikunena za phiri. Mukawaika pa mzere wa m'mwamba, tiyi atenga magawo awiri ndipo chithunzicho chikunena za munda. Zonse ziwiri n'zabwino, koma ndi zithunzi ziwiri zosiyana. Ku Mulanje ine ndingasankhe phiri ngati kunja kwayera. Koma miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zikadzaza m'mlengalenga, phiri limaoneka lotuwa ngati labisala kuseri kwa nsalu. Pamenepo musataye magawo awiri pa chinthu chotuwa, apatseni tiyi.

Tiyamike: Nanga achemwaliwo ndikanawaika mzere uti, wa kumanja kapena wa kumanzere?

A Chisale: Onani komwe ayang'ana. Pa chithunzi chanu nkhope ndi mapewa zapenya kumanzere. Ndiye iwo aime pa mzere wa kumanja, kuti danga lalikulu likhale kutsogolo kwa nkhope yawo. Mukawaika kumanzere, mphuno ikhala pafupi ndi mapeto a chithunzi, danga lonse lili kumsana, ndipo amaoneka ngati akutuluka kutisiya. Chimodzimodzi njinga ya kabaza kapena bwato pa nyanja: danga likhale komwe chikulowera. Ndipo ngati munthuyo ali pafupi, chomwe mumaika pa mphambano ya m'mwamba ndi maso ake, osati chifuwa kapena chipewa.

Mayi Nabanda: Pepani ndilowererepo ndi langa. Ine ndimajambula kwaya yathu tikapita kukaimba ku mipingo ina, anthu 24. Ndiye ndiziwagawa magulu atatu, anthu 8 gulu lililonse? Chifukwa amayi ena safuna kuima kumapeto.

Yamikani: Ayi mayi, anthu sagawidwa. Ingowasunthirani onse mbali imodzi, afike pa mzere.

A Chisale: Apa ndiye tisiyana, a Yamikani. Mayi, musawasunthe. Anthu 24 amadzaza chithunzi kuchokera uku kufika uku, ndipo malo awo ndi pakati. Chomwe mungatengepo inu ndi mzere wogona wa m'mwamba basi: mitu ya anthu a mzere wakumbuyo ifike chapamenepo kapena kupitirira pang'ono. Ambiri amaika nkhope pakati penipeni pa sikirini, mapeto ake theka la chithunzi ndi denga la tchalitchi, miyendo yaduka.

Zoti pakati n'poletsedwa si zoona. Pitani ku St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre, tchalitchi chija anamanga ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott. Imani moyang'anana ndi khomo lalikulu, nsanja ina uku ina uku. Mukalisunthira khomolo pa mzere wa m'mbali, nsanja imodzi iduka ndipo nyumba ioneka yopendekeka. Chinthu chomwe mbali zake ziwiri zikulingana chimafuna pakati. Mawu oti lamulo asakuopseni. Munthu woyamba kudziwika kuti analemba dzinali ndi John Thomas Smith wa ku England mu 1797, makamera asanabwere, ndipo ankalangiza ojambula pamanja za kagawidwe ka thambo, madzi ndi mtunda. Linali langizo.

Yamikani: Ndamva bambo, koma ine ndikuonabe kuti wongoyamba kumene azitsatira osaphonya kwa miyezi ingapo. Mukamuuza lero kuti nthawi zina pakati n'pabwino, mawa abwerera ku chizolowezi chake, chilichonse pakati. Ine ndinasintha chifukwa ndinadziletseratu.

A Chisale: Pa kudziphunzitsa ndikuvomerezani. Chomwe ndikukana ndi kuwononga chithunzi cha kwaya chifukwa cha mzere.

Mayi Nabanda: Zikomo bambo, za denga zija ndi zanga ndithu. Zithunzi zanga zonse ndi malata.

Tiyamike: Za magawo ndayamba kuzimva. Koma kanjira kaja bwanji? Ndimaganiza kuti poti kalipo m'chithunzimo, ndiye kuti mzere wolondolera maso ndili nawo kale.

A Chisale: Kalipo, koma ikani chala pomwe kayambira, mukatsate. Kayambira pansi chapakati, kapita kumanja, katuluka m'chithunzi m'mbali, kumsana kwa achemwali anu. Diso la munthu limatsata njira monga mmene phazi limachitira. Ndiye kanjirako kakutenga diso langa, kukalitaya kunja, osafika pa phiri, osafikanso pa munthu. Mzere wotero ukugwira ntchito yotsutsana nanu. Bola pakanapanda njira.

Mzere umathandiza ukamathera pa chinthu chomwe mwasankha. Ndipo izi sizikonzedwa ndi kupendeketsa foni, zimakonzedwa ndi miyendo. Mukanayenda masitepe angapo kupita kumanzere kapena kumanja, maso ali pa sikirini, mukanaona kanjirako kakusintha kolowera. Mumayenda mpaka kayambire pa ngodya ya m'munsi, tinene ya kumanzere, kakwere mopingasa kulowera ku phiri. Mukapeza malo amenewo, musasunthenso. Tsopano muwauze achemwali kuti ayende pa kanjirako mpaka afike pomwe kakudutsa mzere woimirira wa kumanja. Taonani dongosolo lake: mwayamba kupeza poima inuyo, munthu wabwera pomalizira. Ambirife timayamba ndi kuimika munthu, kenako n'kumavutika ndi zakumbuyo.

Chikondi: Ndionjezereko zomwe ndinaphunzira ine. Ukanjuta, foni n'kufika m'mawondo, msewu umaoneka waukulu pansi n'kumachepa kupita kutsogolo, mzere umalimba kwambiri. Ndinayesa pa Victoria Avenue Lamulungu m'mawa kulibe magalimoto ambiri, mizere ya m'mbali mwa msewu inatuluka bwino zedi. A Tiyamike, mukanjute.

A Chisale: Pa phula mwanena zoona, achemwali. Mu tiyi ndiye zimatembenuka. Tiyi amamudulira kuti akhale wofika cha m'chiuno, pamwamba pali see ngati tebulo. Mukanjuta, foni itsika kuposa masamba, kanjira kabisika, muona khoma lobiriwira basi. M'munda wa tiyi mumakwera: imani pa mtumbira wa m'mbali mwa msewu, kapena kwezani foni pamwamba pa mutu, kuti tinjira ndi mizere ya tiyi zioneke.

Palinso china chokhudza msinkhu wa foni chomwe ambiri sachidziwa. Pamalo a chigwa kapena pa nyanja, malire a thambo ndi nthaka amadutsa pa msinkhu womwe pali kamera. Mukajambula mutaimirira munthu wofanana nanu msinkhu, malirewo amudutsa m'mutu kapena m'khosi. Ndi chifukwa chake zithunzi zambiri za ku Mangochi nyanja imakhala ikutulukira m'makutu mwa munthu. Tsitsani foni ifike pa chiuno, malire atsikira m'chiuno mwake, mutu uli pa thambo poyera.

Chikondi: Eya, za makutuzo ndili nazo zambiri. Sindinkadziwa kuti chimachititsa n'chiyani.

Tiyamike: Nanga kuchepa kwa phiri? Mulanje ndi phiri lalikulu, Sapitwa paja ndi mamita 3,002, koma apa likuoneka ngati Soche.

A Chisale: Munajambula pa nambala iti? Pansi pa sikirini pamakhala 0.5x, 1x, 2x.

Tiyamike: Pa 0.5x. Ndinkafuna zonse zilowe.

A Chisale: Ndi chimenecho. 0.5x imalowetsa zambiri pochepetsa chilichonse, ndipo zakutali ndi zomwe zimachepa moonekera. Yesani izi. Munthu ali mamita 3 kuchokera pomwe mwaima, mwajambula pa 1x. Tsopano bwererani m'mbuyo mufike mamita 6, muike 2x. Munthuyo akhala wamkulu chimodzimodzi ngati poyamba, chifukwa mwatalikira kawiri n'kukoka kawiri. Koma phiri lili makilomita angapo, mamita 3 mwabwererawo silikuwamva n'komwe, ndiye lokha likula kawiri. Ndi mmene amajambulira zithunzi zija phiri limaoneka ngati lili pamsana pa munthu.

Koma dziwani malire ake. Ngati foni yanu ilibe lenzi yapadera ya 2x, ikungodula pakati pa chithunzi n'kukulitsa, ndipo nthawi zambiri mumatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mapikiselo. Masana zimenezo n'zokwanira kuonera pa foni. Kupitirira apo, 5x kapena 10x, masamba a tiyi amasanduka phala.

Limbani: Mwaonatu, tabwerera ku lenzi.

A Chisale: Pang'ono pokha, achimwene. Iwo 2x ali nayo kale.

Yamikani: Koma chithunzi chomwe ali nachochi akhoza kuchikonza. Dinani Edit, kenako Crop. Mizere ija imabweranso podula.

A Chisale: Zoona, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tinene chithunzi chanu ndi mapikiselo 4000 kuchokera kumanzere kufika kumanja ndi 3000 kuchokera pamwamba kufika pansi, monga mafoni ambiri amatulutsira. Achemwali ali pakati, pa 2000. Dulani 1000 kumanja. Chatsala 3000, iwo akadali pa 2000 kuwerengera kumanzere, ndiye kuti afika pa mzere wa kumanja ndendende. Malire a tiyi ali pa 1500 kuchokera pamwamba. Dulani 750 pansi, chatsala 2250, ndipo 1500 yakhala pa mzere wa m'munsi. Mwachidule, chotsani gawo limodzi mwa anayi kumanja ndi gawo limodzi mwa anayi pansi. Simukufunika kuwerenga manambala, ingokokani ngodya ya m'munsi kumanja mpaka mizere igwere pomwe mukufuna.

Tiyamike: Ndayesa pompano. Eee, chasintha! Phiri layamba kuoneka, ndipo achemwali akuoneka ngati akuyang'ana munda. Koma mapazi aduka cha m'akakolo, ndipo kanjira kakutulukabe kumanja.

A Chisale: Mapaziwo, kwezani kudulako kufike cha pakati pa ntchafu, kapena bwezani pang'ono mapazi onse alowe. Musadule munthu pa mfundo, m'akakolo, m'mawondo kapena m'zigongono, amaoneka wopunduka. Malire a tiyi akasuntha pang'ono kuchoka pa mzere palibe chovuta, palibe adzabwere ndi rula. Koma kanjirako kudula sikungakawongole. Komwe mzere ukulowera kumatsimikizika pomwe munaima tsiku lija. Chimenecho mukakonza mwezi wa mawa.

Chikondi: Langa ndi lina. Ine maulendo anga ambiri ndi a basi, Blantyre kupita ku Lilongwe, ndipo ndimajambula pa windo tikamadutsa ku Ntcheu ndi ku Dedza. Palibe nthawi yoyenda masitepe. Pamenepo mizere imatheka?

Yamikani: Khalani mpando wakutsogolo, msewu wonse ndi mzere wanu.

A Chisale: Mpando umenewo ukapezeka, inde. Pa windo la m'mbali msewu simuuona, ndipo mizere yomwe imakupezani ndi mawaya a magetsi, omwe amadula thambo mopingasa osalondolera kulikonse. Chomwe mungakwanitse ndi kugwira foni mowongoka, malire a mapiri akhale pa mzere umodzi wogona, n'kudina kangapo motsatizana, kenako musankhe chomwe mulibe mtengo wa magetsi. Gundikizani foni pa galasi kuti nkhope yanu isaonekeremo. Koma kunena mosabisa, zambiri za pa windo ine ndimafufuta.

Chikondi: Ine sindifufuta, bambo. Zina mawaya omwewo ndi amene amandikumbutsa kuti ndinali pa ulendo.

A Chisale: Pamenepo sindingakutsutseni.

Mayi Nabanda: Mwana wanga amakonda kujambulitsa pa njanji ku Limbe, akuti mizere yake ndi yabwino. Ine zimandiopsa.

A Chisale: Mukuopa zoona, mayi. Njanji imeneyo sitima zimadutsa, ndipo munthu amene maso ali pa sikirini samva zakumbuyo. Chimodzimodzi kuima pakati pa Masauko Chipembere Highway pofuna kuti msewu ukathere pa chipilala cha ufulu chija ku Chichiri. Mizere ili ponseponse: mpanda wa njerwa, mzere wa mitengo ya jakaranda ikachita maluwa mu Okutobala, masitepe, ngalande, ngakhale mthunzi wautali wa madzulo. Muuzeni asankhe zimenezo.

A Tiyamike, musadikire Mulanje. Mumakhala kuti?

Tiyamike: Ku Chilomoni.

A Chisale: Ndiye phiri muli nalo pakhomo. Pezani msewu wa dothi woloza ku Michiru, cha m'ma 4 koloko madzulo dzuwa litapepuka, mutenge munthu mmodzi. Malo amodzi omwewo mujambule kanayi kapena kasanu: malire pa mzere wa m'munsi, kenako wa m'mwamba, munthu kumanja, kenako kumanzere, msewu ukuyambira pa ngodya. Mutiikire tione.

Tiyamike: Ndabweranso. Dzulo ndinatenga mng'ono wanga, ndaika zitatu apa. Choyamba ndinanjuta monga ananenera a Chikondi, msewu ukuyambira ngodya ya kumanzere, iye ali kumanja. Ndinayenda uku ndi uku mwina mphindi zisanu ndisanapeze poima, anthu mpaka kumandiyang'ana. Koma ndinaona ndi maso anga msewu ukusuntha pa sikirini mpaka kuloza phiri. Chomwe chandidabwitsa n'chakuti nkhope yake sikuoneka bwino, pomwe phiri likuoneka lakuthwa.

Yamikani: Foni inayang'ana pakati, ndipo pakati panali phiri. Mukamuika munthu m'mbali, dinani nkhope yake pa sikirini musanajambule, pabwera kabokosi kapena kamkombero. Mafoni ena amapeza okha nkhope, koma munthu akakhala patali kapena wapenya kumbali amaphonya.

A Chisale: A Yamikani alondola. Kudinako kumakonzanso kuwala, chifukwa apa nkhope yada pomwe thambo lawala. Choyambachi chakhala bwino, achemwali, msewu ukunditenga kuchokera pa ngodya, kundidutsitsa pa mng'ono wanu, kukandisiya pa Michiru. Chachiwiri taonani mtengo wa magetsi wamera pamutu pake. Munali otanganidwa ndi mizere ya pa sikirini, simunaone zakumbuyo, zimachitika kwa aliyense poyamba. Sitepe imodzi kumanzere ikanauchotsa. Musanadine, yendetsani diso m'mbali zonse zinayi ndi kuseri kwa mutu.

Chachitatu nyumba za m'mbali zikuoneka ngati zikugwera mkati. Munapendeketsa foni kuyang'ana kumwamba pofuna kutsitsa malire afike pa mzere wa m'munsi. Kutchire zimenezo sizioneka, koma pomwe pali makoma ndi mitengo ya magetsi zimaonekeratu. Bwererani m'mbuyo, foni iime chilili, mizere yoimirira ya pa sikirini ilingane ndi khoma, pansi pochulukapo mudzadula pambuyo pake.

Yamikani: Ine chachitatucho ndi chomwe chandisangalatsa. Kugwera mkatiko kukukokera diso ku phiri, si mzere wolondolera womwewo?

A Chisale: Kukukokera diso kumwamba ku thambo, komwe kulibe kanthu. Ine ndikuona choncho.

Yamikani: Ine ndikuona phiri. A Chikondi, inu mukuona bwanji?

Chikondi: Ndachiyang'ana kawiri. Pa foni chikundikomera, koma nditachitsegula pa kompyuta ya ku ntchito nyumbazo zikundisokoneza.

Tiyamike: Chachitatucho ndichisunga, ndikajambulanso Loweruka foni itaima chilili kuti ndifananize. Funso lomaliza bambo: ku Mulanje kuja m'mundamo munali amayi akuthyola tiyi, madengu kumsana, atandandalika mzere umodzi. Amenewo angakhale mzere wanga?

A Chisale: Angakhale, ndipo ndi wabwino kuposa kanjira, makamaka mukaima chakumapeto kwa mzerewo kuti woyamba akhale wamkulu pa mphambano ya m'munsi, enawo azichepa kulowera ku phiri. Koma muyambe mwawapatsa moni ndi kupempha, ali pa ntchito, ndipo mindayo ili ndi eni ake, ndiye kapitawo akakhalapo mulankhule naye. Akakana, bwererani ku kanjira kanu. Mufike m'mawa dzuwa lisanakwere, mitambo isanayambe kuunjikana pa phiri.

Tiyamike: Ndiye kuti tinyamuke ku Blantyre isanakwane 5 koloko. Ndiwauze achemwali lero lomwe, chifukwa iwo ndi amene amayendetsa.